Jekete ya mvula ikayamba kumwa madzi, ichapeni kaye musanagule mankhwala

*Ndili ndi jekete ya mvula ya Gore-Tex yomwe ndakhala nayo zaka 6. Ili yatsopano madzi ankangogubuduzika pamwamba, koma tsopano m'mapewa ndi m'mikono imamwa madzi n'kuda, ndipo ndikayenda pa mvula nditabereka chikwama malaya a mkati amanyowa. Ndinaichapa kamodzi kokha, ndi sopo wa ufa, chifukwa ndimaopa kuiwononga. Makina ochapira ndili nawo koma oumitsira zovala ndilibe. Kodi yatha basi, kapena pali mankhwala oti ndiipake?*

Musaitaye, komanso musathamangire kukagula mankhwala. Mantha anu a kuchapa ndiwo aipweteka jeketeyi kuposa mvula yonse imene yaivumbwa. Zovala za mtundu umenewu zimafuna kuchapidwa, ndipo zambiri mwa zimene anthu amati zatha zimachira ndi zinthu ziwiri zokha: kuchapa koyenera ndi kutenthetsa pang'ono. Mankhwala opaka amabwera pachitatu, ndipo nthawi zina safunika n'komwe. Koma tisanafike pa beseni tiyenera kudziwa chimene chafa mu jekete yanu, chifukwa muli zinthu ziwiri zosiyana zimene zimalimbana ndi madzi, ndipo chimodzi chokha ndicho chimabwezereka.

Chimene chimatsekereza mvula kuti isakufikeni si nsalu imene mumaiona kunja. Nsalu yakunjayo ndi nayiloni kapena poliyesitala wamba, yolukidwa, yokhala ndi mipata pakati pa ulusi. Kuseri kwake kunamatidwa kachikopa kopyapyala kwambiri, ndipo kachikopa kameneka ndiko dzina la Gore-Tex limanena. Madzi a mvula sangadutse pamenepo, koma nthunzi ya thukuta lanu imadutsa n'kutuluka kunja. Pamwamba pa nsalu yakunja anapakapo kufakitale mankhwala ena osaoneka ndi maso, amene pa malebulo amalembedwa ndi zilembo zitatu, DWR. Ntchito yake ndi yochititsa kuti madzi asagwire ulusi, aziundana timadontho tozungulira n'kugwa. Kugubuduzika kwa madzi kumene munkakuona jekete ili yatsopano kunali ntchito ya mankhwala amenewa, osati ya kachikopa kaja.

Mankhwala apamwambawo akafooka, nsalu yakunja imakhuta madzi, imada, imalemera n'kuzizira. Kachikopa kamkati kangakhale kali bwinobwino, osalola ngakhale dontho limodzi, komabe inu mumanyowa. Chifukwa chake n'chakuti nthunzi ya thupi lanu tsopano ikukumana ndi nsalu yozizira yodzaza madzi. Njira yake yotulukira yachepa kwambiri, ndiye imasanduka madzi mkati mwa jekete momwemo. Onjezanipo kuzizira kwa nsalu yonyowa imene yakanirira pamapewa, thupi limakuuzani kuti mvula yalowa, pamene chimene chanyowetsa malaya ndi thukuta lanu lomwe. Ndaona anthu ambiri akutaya jekete zabwino pa chifukwa chimenechi.

Komabe pa zaka 6 sindingakulonjezeni kuti kachikopa kanu kali moyo, choncho yesani. Tembenuzani jekete muione mkati pamalo owala bwino. Yang'anani tepi yomatidwa pa misoko yonse, makamaka m'khosi, m'mapewa ndi pamene chipewa chalumikizana ndi thupi la jekete. Ngati tepi ili chigwirire, yosalala, zinthu zili bwino. Yang'ananinso ngati pali malo amene nsalu yatupa timatuza kapena yachita makwinya ngati yalekana ndi chapansi pake. Kenako yalani mbali ya phewa pamwamba pa mbale yakuya, kunja kwa jekete kuyang'ana kumwamba, muike pepala lofewa louma pansi pake, mukankhire nsalu pansi kuti ichite kadzenje, n'kuthiramo kapu imodzi ya madzi. Siyani kwa mphindi 30. Nsalu yakunja ikada koma pepala likakhala louma, kachikopa kali bwino ndipo zonse ndikunena m'munsimu zikuthandizani. Chitaninso chimodzimodzi pa msoko wa paphewa. Pepala likanyowa molondola msoko, vuto ndi tepi. Likanyowa pakati pa nsalu pomwe palibe msoko, kachikopa kabooka kapena kaperepeseka, ndipo palibe mankhwala opopera amene angatseke pamenepo. Mayesowa ali ndi malire ake: madzi ongokhala phee sakankha ngati lamba wa chikwama, ndiye kabowo kakang'ono kwambiri kangabisale. Koma kuwonongeka kwenikweni amakuonetsa.

Tsopano chimene chinafooketsa mankhwala apamwamba. Tizigawo take timaima chilili pa ulusi uliwonse, tothithikana, ndipo dontho la madzi limakhala pansonga pake osafika pa ulusi. Zinthu zitatu zimasokoneza dongosolo limeneli. Choyamba ndi kukhulana: malamba a chikwama m'mapewa, mikono pokhulana ndi nthiti, kumapeto kwa mikono pokhudza chilichonse. Kukhulana kumagonetsa tizigawo tija monga udzu wopondedwa, ndipo pakapita nthawi kumatichotseratu. N'chifukwa chake jekete yanu yayambira m'mapewa ndi m'mikono, osati pamimba. Chachiwiri ndi litsiro, makamaka la mafuta: thukuta, mafuta odzola, mafuta oteteza ku dzuwa, utsi, fumbi. Litsiroli limakuta mankhwala aja, ndipo madzi amagwira litsirolo n'kulowerera. Mafuta a thupi ali ndi choipa china chachikulu: amalowa mkati, m'khosi ndi kumapeto kwa mikono, n'kufooketsa guluu amene wagwira tepi ndi kachikopa. Jekete yosachapidwa imamatuka msanga kuposa yochapidwa, ndipo kumatuka kumeneko sikubwerera.

Chachitatu ndi sopo wa ufa uja. Sopo wochapira zovala anapangidwa kuti madzi azilowa mu nsalu mosavuta, zomwe ndi zotsutsana ndendende ndi zimene tikufuna pano. Wotsala pang'ono pa ulusi amakoka madzi nthawi iliyonse mvula ikagwa. Wa ufa ndiye woipirapo chifukwa sasungunuka yense m'madzi ofunda pang'ono, ndipo amabwera ndi zonunkhiritsa ndi zowalitsa zimene zimakhalira pa nsalu. Mankhwala ofewetsa zovala ndi oipa kuposa pamenepo, pakuti ntchito yake yeniyeni ndi kusiya chinthu pa ulusi. Bulichi musamuyandikize. Ndikukhulupirira kuti mutachapa ulendo uja munaona jekete ikumwa madzi kuposa kale, n'kuganiza kuti kuchapa ndiko kwachotsa mankhwala. Nthawi zambiri sanachoke ayi, angophimbidwa.

Ndiye tichape. Yambani ndi makina omwewo. Tulutsani kabokosi kothiramo sopo mukatsuke zouma zonse zimene zinakanirira, ndipo yendetsani makina kamodzi opanda chovala, opanda sopo, ndi madzi otentha. Anthu ambiri amadumpha pamenepa, kenako amadabwa kuti sopo wapadera amene agula sanagwire ntchito, pamene makina awo asanza sopo wakale ndi zofewetsa pa jekete. Werengani lebulo ya mkati mwa jekete. Chithunzi cha beseni chili ndi nambala, kawirikawiri 30 kapena 40, ndipo ndiwo madigiri amene musapitirire. A Gore-Tex eni ake amalangiza madigiri 40, koma lebulo ikanena 30 tsatirani lebulo, chifukwa wosoka jekete amadziwa zina zimene anaikamo. Tulutsani zonse m'matumba, tsekani mazipi onse, matani timalamba tomata ta kumapeto kwa mikono kuti tisakande nsalu, ndipo masulani zingwe zokokera za m'chiuno ndi za chipewa kuti madzi afike m'makwinya.

Sopo woyenera ndi wamadzi wopangidwira zovala zotere, monga Nikwax Tech Wash kapena Grangers Performance Wash. Ubwino wake ndi woti amatsukuluzika yense osasiya kanthu. Muyezo uli pa botolo, ndipo umakwera ngati madzi anu ndi aja sopo amavuta kuchita thovu. Ngati sopo wotere simungamupeze, musaleke kuchapa chifukwa cha zimenezo. Sopo wamadzi wamba wochapira zovala, wopanda zofewetsa ndi bulichi, ndi wololedwa, bola muthire wochepa kwambiri, pafupifupi supuni imodzi yaikulu, ndipo mutsukuluze kawiri. Musanaike m'makina, pakani sopo yemweyo pang'ono m'khosi, pachibwano ndi kumapeto kwa mikono, mkati ndi kunja, mutikite ndi siponji kapena kansalu kofewa. Pa jekete imene yakhala zaka osachapidwa malo amenewa amakhala akuda ndi mafuta, ndipo makina okha sawamaliza. Burashi yolimba ayi.

Chapani jekete yokha, kapena ndi chovala china chimodzi cha mtundu womwewo, pa pulogalamu ya zovala zosakhwima, makina azungulire pang'onopang'ono pokamula. Nsalu yosalola madzi imasunga madzi m'matumba ndi m'mikono, ndipo kuzungulira mothamanga kumakankha madziwo pa misoko ndi mphamvu, kumasiyanso makwinya olimba. Yanu ndikanaichapa kawiri motsatizana. Ulendo woyamba uchotsa litsiro lapamwamba, wachiwiri uchotsa mafuta okhalitsa ndi zotsala za sopo wa ufa. Mukamaliza iviikeni m'beseni la madzi oyera n'kuitakasa. Mukaona thovu, ngakhale lochepa, tsukuluzaninso. Kutsukuluza ndiko kumasiyanitsa ntchito yabwino ndi yolephera.

Ngati pofufuza paja munapeza tepi yayamba kutukuka pena, makina asiyeni, chapani pamanja. Madzi ofunda oti dzanja likhalemo bwinobwino, beseni lalikulu, kuviika kwa mphindi 15, kukanya mofatsa. Osapotokola pofinya, osamenyetsa pa chinthu, osakwecha nsalu ndi nsalu mwamphamvu. Ikwezeni madzi atsike okha. Iyanikeni pa hang'ala pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lamphamvu limafooketsa nayiloni pakapita nthawi, ndipo kutentha kwake sikokwanira pa ntchito imene ikubwerayi.

Kutenthetsa kumadzutsa tizigawo timene tagona. Kutentha kofatsa kumatifewetsa n'kutibwezera poima, ndipo ambiri sakhulupirira mpaka ataona okha. Amene ali ndi makina oumitsira amaumitsa jekete, kenako ikauma amaibwezeramo kwa mphindi 20 pa kutentha kwapakati. Mphindi 20 zimenezo zimawerengedwa jekete itauma kale, chifukwa ikadali yonyowa kutentha konse kumathera pa kuumitsa madzi. Inu mulibe makinawo, koma simbi imagwira ntchito yomweyo, ingofuna kudekha. Onani kaye kuti chithunzi cha simbi pa lebulo sichinadulidwe ndi mtanda. Ikani simbi pa kadontho kamodzi, pomwe kutentha sikupitirira madigiri 110, ndipo zimitsani nthunzi. Yalani jekete youma, kunja kuli pamwamba, muyale kansalu ka thonje koyera kapena thaulo lopyapyala pamwamba pake, simbi isakhudze jekete yeniyeni. Yendetsani simbi pang'onopang'ono osaiimika malo amodzi, mudutse kawiri kapena katatu pa gawo lililonse, mpaka nsalu ikhale yofunda bwino mukaigwira. Lambalalani zilembo zomatidwa, timizere tonyezimira usiku ndi mazipi okutidwa pulasitiki. Pa misoko dutsani mopepuka, chifukwa tepi inamatidwa ndi kutentha, ndipo kutentha kopitirira kumaisuntha. Simbi yamakala kapena iliyonse imene simungailamulire kutentha musaigwiritse ntchito. Mukaona nsalu ikuyamba kunyezimira kapena kukhwinyata, lekani pomwepo, simbi yatentha kwambiri.

Isiyeni izizire, ipachikeni, muiwaze madzi ndi zala kapena ndi botolo lopopera, paliponse. Musathire ndi mphamvu ya mpopi ndipo musatikite ndi chala, chifukwa potero ngakhale jekete yatsopano imanyowa. Yang'anani kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Pamene madontho akhala ozungulira n'kugwa mukagwedeza, mankhwala akale adzuka ndipo pamenepo sipafunika kanthu. Pamene madontho aphwatalala n'kusiya banga lakuda, mankhwala anatha.

Pa jekete ngati yanu ndikuyembekezera zotsatira zosakanikirana. Pamimba, m'mbali ndi kunsi kwa mikono madzi adzagubuduzika ngati kale. M'mapewa modutsa malamba, kumsana kokhudza chikwama, m'chiuno ndi kumapeto kwa mikono adzalowerera ndithu, chifukwa kumeneko zaka 6 za kukhulana zinachotsa mankhwala enieniwo, ndipo simbi singadzutse chimene palibe. Apa ndipo mankhwala atsopano amafunika.

Alipo a mitundu iwiri: othira m'madzi ochapira, ndi opopera pamwamba. Othira m'madzi, monga Nikwax TX.Direct Wash-In, ndi osavuta, ndipo amafika paliponse mofanana. M'makina oyera muyezo wake ndi pafupifupi mamililita 100 pa chovala chimodzi. Koma paliponse pamenepo ndiye kuti mkati momwe. Ngati jekete yanu ili ndi nsalu yamkati yolendewera, ija yonga neti, kapena nsalu yofewa yomwe ntchito yake ndi kumwa thukuta n'kulimwaza, simukufuna kuti mkatimo muzikana madzi. Thukuta likakanidwa limangokhala madontho pa malaya anu. Ine ndimakonda opopera pa jekete pafupifupi zonse, ndipo pa yanu ndiwo ndikulangizani, pa zifukwa ziwiri: amakhala kunja kokha komwe akufunika, ndipo mungathire ochuluka pamene pawonongeka kwambiri. Othira m'madzi ndimawasiyira jekete zopanda nsalu yolendewera mkati, zimene mankhwala ake atha thupi lonse.

Opopera ambiri osungunulidwa m'madzi, monga TX.Direct Spray-On kapena Grangers Performance Repel Plus, amapakidwa pa chovala choyera chonyowa pang'ono, chifukwa chinyezi chimawathandiza kumwazika mofanana pa ulusi. Popeza yanu mudzakhala mutaiumitsa poyesa, inyowetseninso ndi madzi oyera, isamachite kudontha. Tsekani zipi, iyaleni pa tebulo lophimbidwa kapena ipachikeni panja popanda mphepo yamphamvu. Gwedezani botolo. Poperani muli pa mtunda wa masentimita 15, mzere ndi mzere, gawo limodzi pa nthawi, kuyambira chipewa kutsika. Poperani jekete yonse mopepuka, kenako bwererani m'mapewa, kumsana ndi kumapeto kwa mikono kachiwiri. Musaiwale kansalu kophimba zipi, m'mphepete mwa matumba ndi pansi pa chipewa kumbuyo kwa khosi, malo amene madzi amasonkhana. Dikirani mphindi ziwiri, kenako pukutani otsala ndi kansalu konyowa. Pakapita mphindi zingapo yang'ananinso, chifukwa mankhwala amatsetsereka n'kusonkhana m'makwinya ndi pa misoko, ndipo akaumira pamenepo amasiya mizere yoyera yovuta kuchotsa, makamaka pa jekete yakuda. Kuchulutsa sikuwonjezera mphamvu. Chofunika ndi chakuti ulusi uliwonse ukutidwe mopyapyala.

Iume yonse, usiku umodzi kapena kuposerapo. Za kutenthetsanso, werengani botolo. Mankhwala ena amafuna kutentha kuti agwire, ena monga a Nikwax amagwira pongouma ndi mphepo, zomwe zikukomerani inu amene mulibe makina oumitsira. Ngakhale pa osafuna kutenthawo, kudutsa ndi simbi mofatsa monga poyamba paja sikuwononga kanthu ngati lebulo ikulola. Mukayesanso ndi madzi n'kupeza malo amodzi akumwabe, pafupifupi nthawi zonse chifukwa chake ndi mafuta otsala, osati kuchepa kwa mankhwala. Chapani malowo pamanja ndi sopo uja, tsukuluzani, poperaninso. Mankhwala opoperedwa pa litsiro amagwira litsirolo, ndipo amachoka nalo pa mvula yoyamba.

Chenjezo limodzi limene sindifuna mulitenge mopepuka. Pali mankhwala a m'zitini zofinya, onunkha ngati petulo, opangidwira nsapato, matenti ndi nsalu zokhuthala. Ambiri mwa amenewo si a zovala zotulutsa nthunzi, ndipo utsi wake ukaupuma m'chipinda chotseka umapweteka mapapo, anthu ena amafika pogonekedwa nawo m'chipatala. Pa botolo payenera kulembedwa kuti ndi a zovala zosalowa madzi koma zopuma. Alionse amene mwasankha, poperani panja kapena mazenera ali otsegula, ana ndi ziweto ali kutali. Musayese phula, mafuta kapena polishi. Phula lili ndi malo ake pa jekete za thonje lopakidwa phula, koma zimenezo ndi zovala zina, zosachapidwa ndi sopo n'komwe. Nawo marenikoti a pulasitiki kapena a labala, aja osalala onyezimira, alibe mankhwala apamwamba oti n'kudzutsa, amangofuna kupukuta.

Muyembekezere zotani? Mankhwala opaka kunyumba salimba ngati a kufakitale, amene anaumitsidwa pa nsalu ndi kutentha kwakukulu isanasokedwe. Palinso kusintha kumene kwachitika pa zopangira zake. Kwa zaka zambiri mankhwala a kufakitale anali a fulorini, a gulu limene limatchedwa PFAS, ndipo ankakana madzi ndi mafuta omwe. Koma saola m'chilengedwe, amakhalira m'madzi ndi m'matupi a zamoyo. Amphamvu kwambiri, otchedwa C8, opanga zovala anawasiya cha m'ma 2015 n'kutenga ofookerapo a C6, ndipo masiku ano ambiri akusiya fulorini yense. Ndikuona kuti kusinthaku n'koyenera, koma kuli ndi mtengo wake pa ntchito: mankhwala opanda fulorini amakana madzi bwino, mafuta sakana. Litsiro la mafuta limawagwira msanga. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti mukapopera mankhwala amakono, jekete idzafuna kuchapidwa kawirikawiri kuposa mmene munazolowera. Ndipo pansi pa malamba a chikwama, pa mvula ya maola angapo, nsalu idzanyowabe pamapeto pake. Palibe mankhwala amene amapirira kukhulana ndi kukanikiza nthawi imodzi. Zikatero si kuti ntchito yalephera. Kachikopa kakugwirabe mvula, ndipo chimene mungachite ndi kuchepetsa thukuta: tsegulani mazipi a m'khwapa ngati alipo, chepetsani zovala za mkati musanayambe kukwera mtunda, ndipo pewani malaya a thonje pansi pa jekete chifukwa amasunga chinyezi.

Tibwerere ku mayeso a mbale aja, ngati sanakuyendereni bwino. Tepi yotukuka pamalo aafupi, ngati kutalika kwa chala, imakonzeka. Pukutani malowo ndi sipiriti pang'ono kuti mafuta achoke, pakani guluu wofewa wa misoko, monga Seam Grip, pansi pa tepi, kanikizani ndi chinthu cholemera usiku wonse. Kabowo kakang'ono kamatsekedwa ndi chigamba chomata chopangidwira nsalu zotere, chodulidwa mozungulira kuti ngodya zisatukuke. Konzani jekete itachapidwa ndi kuuma koma musanapopere mankhwala, chifukwa guluu sagwira bwino pa nsalu yongopoperedwa kumene. Koma ngati tepi ikungochoka yokha misoko yambiri, kapena matuza afalikira m'mapewa ndi kumsana, guluu wa kufakitale watha mphamvu paliponse, ndipo mukamata pano mawa pamatuka pena. Pa jekete zopepuka zimene mkati mwake munapakidwa pulasitiki yotchedwa poliyuretheni, ukalamba umaoneka mwa njira ina: mkati mumamata m'manja, mumayoyoka tizidutswa toyera, mumatuluka fungo lowawasa. Chinyezi chimaphwanya pulasitikiyo pang'onopang'ono, ndipo sabwereranso. Jekete yofika pamenepo musaionongere ndalama ya mankhwala poyembekeza kuti itseka mvula. Ingatchinjirizebe mphepo ndi mvula yowaza, basi.

Ngati yanu yapambana mayesowo, isamalireni motere kuyambira tsopano. Musawerenge miyezi, yang'anani jekete. M'khosi mukayamba kuda, kapena madzi akayamba kuphwatalala m'mapewa, nthawi yochapa yakwana. Kwa munthu woivala pafupipafupi ndi chikwama, zimenezi zimachitika kangapo pa chaka. Kuchapa kulikonse kutsatidwe ndi simbi ndi kuwaza madzi koyesera, ndipo mankhwala mupopere pokhapokha simbi ikalephera kubweza madontho. Mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET asakhudze nsalu, chifukwa amadya pulasitiki ndi zokutira zake. Pakani pakhungu, dikirani aume, sambani m'manja musanagwire jekete. Mukabwera ku mvula ipachikeni iume mkati ndi kunja musanaisunge, ndipo isungeni yopachika pamalo ouma, osati yofinyidwira pansi pa chikwama ikadali ndi chinyezi, pakuti kumeneko ndi kumene nkhungu imamera ndipo guluu wa tepi amayamba kulekerera.